Mmene mungaonetsere kuti ngodya zitatu za thirayango zimakwana madigiri 180

Ophunzira ambiri a Fomu 1 ndi Fomu 2 analoweza kale kuti ngodya zitatu za mkati mwa thirayango zikaphatikizidwa zimakwana madigiri 180. Vuto limabwera pawiri. Akatenga pulotilakita n'kuyeza okha amapeza 177, 182, mwinanso 260, ndiye amayamba kukayika ngati lamuloli ndi loona. Kenako funso likati "perekani chifukwa", cholembera chimaima, poti zoloweza sizifotokoza kanthu. Malangizo awa akuthandizani kuziona ndi maso poyamba, kenako kupeza chifukwa chenichenicho, chimene chimagwira pa thirayango iliyonse yojambulidwa pamalo afulati.

Zida zofunika

- Mapepala awiri a A4 opanda mizere, ndi tsamba limodzi la mu kope la mizere
- Kachidutswa ka katoni yopyapyala, monga ya sopo kapena ya masamba a tiyi
- Rula ya masentimita 30 yosakumbika m'mphepete
- Pulotilakita ndi setisikweya za m'bokosi la masamu
- Pensulo yosongoka bwino ndi sizasi
- Zolembera za mitundu itatu, kapena bolopeni yofiira, yabuluu ndi yakuda
- Guluu kapena selotepu

Kuno ku Mzuzu nyengo ya mvula ndi ya chifunga mapepala amamwa chinyezi n'kupindika m'mphepete. Pepala lopindika limasokoneza miyezo, choncho lipanikizeni kaye pansi pa mabuku olemera ndipo mugwirire ntchito pa tebulo losalala, osati pamwendo kapena pamphasa.

Choyamba mumvetse 180 ameneyu

Ngodya ndi kukula kwa kutembenuka pakati pa mizere iwiri yokumana pa nsonga imodzi. Kutalika kwa mizereyo kulibe nazo ntchito. Ganizirani chitseko: chikatseguka pang'ono ngodya ndi yaing'ono, chikatseguka mpaka kuima chopingasa ndi khoma ndi madigiri 90, chikatseguka mpaka kukagona ku khoma mbali inayo ndi madigiri 180. Kutembenuka mozungulira mpaka kubwerera pomwe munayambira ndi 360, ndipo theka lake ndi 180.

Ndiye mukalemba mzere wowongoka n'kuika kadontho pakati pake, mbali imodzi ya mzerewo, kuchokera kumanzere kudutsa pamwamba mpaka kumanja, pali madigiri 180. Iyi ndiyo ngodya yowongoka. Ntchito yathu yonse ndi kuonetsa kuti ngodya zitatu za thirayango, zikaikidwa pamodzi pa kadontho kamodzi, zimadzaza mbali imodzi ya mzere ndendende, osasiya mpata, osapitiriranso.

Gawo loyamba: jambulani thirayango yogwirira ntchito

1. Chapansi pa pepala lembani mzere wogona wa masentimita 10. Nsonga ya kumanzere muitche B, ya kumanja C.

2. Ikani pakati pa pulotilakita pa B, mzere wake wa 0 ugone ndendende pa BC. Werengani kuyambira pa 0 amene ali mbali ya C mpaka pa 50, ikani kadontho, ndipo lembani mzere wautali kuchokera pa B kudutsa pa kadonthoko. Chenjerani: pakati pa pulotilakita ndi pomwe mizere yake imakumana, osati m'mphepete mwenimweni mwa pulasitiki. Mapulotilakita ambiri ali ndi kachidutswa koonjezera pansi pa mzere wa 0, ndipo mukagoneka m'mphepete mwakemo pa BC, muyezo wonse walakwika.

3. Samutsirani pulotilakita pa C. Tsopano werengani kuyambira pa 0 amene ali mbali ya B mpaka pa 60, ndipo lembani mzere wina. Apa mugwiritsa ntchito mndandanda wina wa manambala, osati umene munawerenga pa B.

4. Pomwe mizere iwiriyo yakumana mulembe A. Ngati mwachita bwino, AB ikhala pafupifupi masentimita 9.2, AC pafupifupi 8.2, ndipo A akhala masentimita 7 ndi pang'ono pamwamba pa BC. Mukapeza zosiyana kwambiri ndi izi, bwererani pa sitepe 2 ndi 3.

5. Yezani ngodya ya pa A. Muyenera kupeza 70, kapena 69 kapena 71. Onani kuti ngodya iyi simunaisankhe inu. Mutangosankha 50 ndi 60, yachitatuyo inadzikhazikitsa yokha.

Jambulani thirayango yomweyi kawiri, ina yong'amba, ina yosunga.

Gawo lachiwiri: ng'ambani makona

1. Pa thirayango yong'ambayo, pakani mtundu mkati mwa kona iliyonse pafupi ndi nsonga: B yofiira, C yabuluu, A yakuda. Musadumphe izi, chifukwa zidutswa zikasakanikirana simudziwanso kuti nsonga yeniyeni ndi iti.

2. Dulani thirayango yonse ndi sizasi, mukutsata pakati pa mzere wa pensulo. Dulani pang'onopang'ono, mbali zikhale zowongoka.

3. Ng'ambani makona atatuwo ndi manja, chidutswa chilichonse chikhale cha masentimita atatu kapena anayi kuchokera pa nsonga. Apa musadule ndi sizasi. Mukadula mowongoka chidutswa chilichonse chimasanduka kathirayango kena kokhala ndi nsonga zitatu, ndipo n'kosavuta kulozetsa nsonga yolakwika. Kung'amba kumasiya mbali imodzi ya manomano, moti nsonga yoyenera imaonekera yokha.

4. Pa pepala lina lembani mzere wowongoka ndi rula, n'kuika kadontho pakati.

5. Ikani nsonga yofiira pa kadontho, mbali yake imodzi yowongoka igone pa mzere cha kumanzere. Ikani yakuda moyandikana nayo, nsonga pa kadontho komweko, mbali zikhudzane popanda kusanjikizana. Malizani ndi yabuluu. Mbali yomaliza ya chidutswa chabuluu igona pa mzere cha kumanja. Matani ndi guluu.

Mwaona ndi maso kuti 50 ndi 70 ndi 60 zadzaza mzere. Chitaninso ndi thirayango ina yosiyana kwambiri, yaitali yopyapyala kapena yokhala ndi ngodya imodzi yotambasuka kwambiri, ndipo zituluka chimodzimodzi.

Koma apa tinene zoona: kung'amba si umboni. Diso silingasiyanitse 180 ndi 179 pa zidutswa za pepala, ndipo ngakhale mutang'amba mathirayango zana, mwayesa zana lokhalo. Aphunzitsi ena amathera pomwepa chifukwa ana asangalala, koma wophunzira amene wathera apa sanapeze yankho la funso loti n'chifukwa chiyani. Yankho lili m'gawo lotsatirali, ndipo ndi lomwe muyenera kutayirapo nthawi yambiri.

Gawo lachitatu: mzere umodzi umene umaulula chifukwa

Tengani thirayango yosunga ija. Tifuna kubweretsa ngodya za pa B ndi pa C kuti zikakhale pa A, ngati tinachitira ndi zidutswa zija, koma popanda kung'amba chilichonse. Chotithandiza ndi mzere wa palalelo. Mizere ya palalelo ndi mizere yowongoka yoyang'ana mbali imodzi, imene sikumana ngakhale muitalikitse bwanji, monga mizere ya mu kope lanu.

1. Gonekani mbali yaitali ya kona ya 90 ya setisikweya pa BC, kona ya 90 yo ikhale pa B. Tsamiritsani rula ku mbali inayo ya kona ya 90, kuti rula iime chilili.

2. Panikizani rula mwamphamvu ndi dzanja limodzi. Ndi dzanja linalo tsetserezani setisikweya kukwera m'mbali mwa rula mpaka mbali ija inagona pa BC ifike pa A. Lembani mzere, kenako muutalikitse ndi rula mbali zonse ziwiri. Kumanzere mulembe D, kumanja E. Cholakwika chofala apa ndi rula kusuntha pamene mukutsetsereza. Kuti mutsimikize, yezani mtunda woongoka kuchokera pa BC kufika pa DE malo awiri otalikirana. Uyenera kufanana, pafupifupi masentimita 7.1 konsekonse.

Pali njira yachidule: jambulani thirayango pa tsamba la mizere, B ndi C akhale pa mzere umodzi wa kope, A akhale pa mzere wina pamwamba. Mzere wa kope wodutsa pa A ndi palalelo kale.

3. Yang'anani pa A, pansi pa mzere DE. Pali ngodya zitatu zoyandikana: ya kumanzere pakati pa AD ndi AB, ya pakati imene ndi ya thirayango yomwe, ndi ya kumanja pakati pa AC ndi AE. Popeza DE ndi mzere wowongoka, zitatuzi zikukwana 180. Izi sizifuna kuyeza, ndi tanthauzo la ngodya yowongoka lija.

4. Tsatirani ndi chala kuchokera pa D kufika pa A, kutsika mpaka pa B, kenako kupita ku C. Mwalemba chilembo chonga Z. Ngodya ziwiri zimene zili m'zigongono za Z ameneyu, ya DAB ndi ya ABC, n'zofanana. Pakani zonse ziwiri zofiira.

5. Chitani chimodzimodzi mbali inayo: kuchokera pa E kufika pa A, kutsika ku C, kupita ku B. Ngodya ya EAC ikufanana ndi ya ACB. Pakani zonse ziwiri zabuluu.

6. Tsopano pa A pali yofiira, yakuda ndi yabuluu pa mzere umodzi. Yofiira ndi yofanana ndi B, yabuluu ndi yofanana ndi C, yakuda ndi A mwini wake. Choncho:

DAB + BAC + EAC = 180°
DAB = ABC
EAC = ACB
ABC + BAC + ACB = 180°

Werenganinso masitepe 3 mpaka 6 ndipo muone ngati paliponse tagwiritsa ntchito 50, 60 kapena 70. Palibe. Sitinadalirenso kutalika kwa mbali iliyonse. N'chifukwa chake umboniwu ukukhudza thirayango iliyonse, yaikulu kapena yaing'ono, yowonda kapena yotambasuka. Kung'amba kuja kunali kusamutsa ngodya ndi manja, pomwe mzere wa palalelo ukutiuza kuti malo amene zidutswazo zinakagwera anali ofanana nazo kale.

Nanga ngodya za Z zimafanana chifukwa chiyani?

Wophunzira wochenjera afunsa funso ili, ndipo ayenera kuyankhidwa, chifukwa umboni wonse watsamira pamenepa.

1. Pa katoni jambulani ngodya yofanana ndi ya pa B, ya madigiri 50, ndipo muidule kuti ikhale kamphero kakang'ono.

2. Talikitsani mzere BA kupitirira pa A, kukwera kumanja, ndipo kumapeto mulembe F.

3. Ikani kampheroko pa B: nsonga pa B, mbali imodzi pa BA, inayo pa BC.

4. Katsetserezeni kukwera potsata mzere BA, mbali yake isachoke pa mzerewo, mpaka nsonga ifike pa A. Musakatembenuze ngakhale pang'ono. Mbali imene inagona pa BC ikuyang'anabe komwe inkayang'ana, ndipo popeza AE nayo ikuyang'ana komweko, mbaliyo igona pa AE. Choncho ngodya ya FAE, imene ili pamwamba pa mzere DE, ndi yofanana ndi ya pa B.

5. Chatsala ndi kuwoloka kuchokera pa FAE kupita pa DAB. Yang'anani ngodya yaikulu ya BAE, imene pa chojambula chathu ndi 130. Mzere BF ndi wowongoka, ndiye FAE kuphatikiza BAE ndi 180. Mzere DE nawo ndi wowongoka, ndiye DAB kuphatikiza BAE ndi 180. Ziwirizi zikusowa chinthu chimodzimodzi kuti zikwane 180, choncho n'zofanana: 180 kuchotsa 130 ndi 50 konsekonse.

Pali mfundo imodzi imene taivomereza osaitsimikiza: yoti kudzera pa A mungalembe mzere umodzi wokha wa palalelo ndi BC, ndipo mzerewo umadulidwa ndi BF pa ngodya yofanana ndi ya pa B. Iyi ndi imodzi mwa mfundo zoyambira za masamu a pamalo afulati, ndipo lamulo la 180 laima pa iyo. Mfundoyi ikapanda kugwira, lamulonso limagwa, monga muonera kumapeto.

Kugwiritsa ntchito: thirasi ya denga

Tiyerekeze kalipentala wa ku Luwinga akukhoma thirasi ndi matabwa a paini a ku Chikangawa. Thabwa logona likhala pa makoma, matabwa awiri opendekeka akakumana pamwamba, ndipo mwini nyumba akufuna kuti denga litsetsereke madigiri 25 mbali zonse kuti madzi a mvula asamachedwe pa malata.

Ngodya ziwiri za pansi ndi 25 ndi 25, zonse pamodzi 50. Ya pamwamba ndi 180 kuchotsa 50, imene ndi 130.

Koma nambala imene kalipentala akufuna pocheka si 130. Thabwa loima pakati limagawa thirasi kukhala mathirayango awiri ofanana, ndipo lililonse lili ndi ngodya ya 90 pomwe thabwa loimalo lakumana ndi logona. Mu theka limodzi muli 90 ndi 25, zimene ndi 115, ndiye yotsala pamwamba ndi 65. Mutu wa thabwa lopendekeka uchekedwe pa madigiri 65 kuyerekeza ndi utali wa thabwalo. Mitu iwiri ikakumana, 65 ndi 65 zikupereka 130 uja.

Akacheka pa 60 m'malo mwa 65, mitu igundana pamwamba pokha n'kusiya mpata wotseguka kumunsi kwake. Akacheka pa 70, igundana kumunsi n'kuyasama pamwamba. Malo a mpatawo amakuuzani mbali imene mwalakwitsira. Ndipo kuwerenga konseku kukudalira kuti thabwa logona lili pa levulo ndipo silinapindike. Thabwa laliwisi likauma n'kukhota, mbali ya thirayango siikhalanso yowongoka.

Zolakwika zofala ndi mmene mungazidziwire

*Kuwerenga mndandanda wolakwika pa pulotilakita.* Pulotilakita ili ndi manambala awiri pa malo amodzi, monga 50 ndi 130, kapena 60 ndi 120. Mukapeza zonse pamodzi 260 pa thirayango yathu ija, mwawerenga 130 m'malo mwa 50. Musanawerenge, gonekani kona ya kope pa ngodyayo. Ngati ngodya ndi yaing'ono kuposa kona ya kope, yankho liyenera kuchepera 90.

*Kudandaula ndi 178 kapena 182.* Poyeza ngodya imodzi n'zachibadwa kuphonya ndi digiri imodzi, ndipo ngodya zilipo zitatu, ndiye chilichonse pakati pa 177 ndi 183 chikungoonetsa malire a chida ndi diso. Pensulo yobuntha ndi thirayango yaing'ono zimakulitsa kuphonyaku. Ngati mbali sizikufika pa manambala a pulotilakita, zitalikitseni ndi rula m'malo mongoyerekeza. Musasinthe nambala imene mwayeza kuti ikwane 180, ilembeni mmene yatulukira. Kuphonya kopitirira madigiri asanu ndiye kukutanthauza kuti pena pake mwalakwitsa, yezaninso.

*Kulemba mzere wodutsa pa A ndi diso chabe.* Mzere uliwonse wowongoka wodutsa pa A uli ndi madigiri 180 pansi pake, koma ukapanda kukhala palalelo ndi BC, ngodya za Z sizifanana. Mukaupendeketsa ndi madigiri 5, kumanzere mupeza 55 ndipo kumanja 55 m'malo mwa 50 ndi 60. Polemba umboni pa mayeso a JCE kapena MSCE, nenani poyera kuti DE ndi palalelo ndi BC ndipo muike timivi pa mizere yonse iwiri. Popanda chiganizo chimenecho, masitepe otsatira alibe poimira.

*Kusinthanitsa ngodya za Z.* Ena amafananitsa ngodya ya kumanzere kwa A ndi ya pa C. Tsatirani mbali ya thirayango imene ikulumikiza ngodya ziwirizo: AB imalumikiza DAB ndi B, pomwe AC imalumikiza EAC ndi C. Pa thirayango ya mbali ziwiri zofanana cholakwikachi chimabisala chifukwa B ndi C n'zofanana, n'chifukwa chake pophunzira ndi bwino kugwiritsa ntchito thirayango ya ngodya zosiyana ngati yathuyi.

*Kuzungulira pa umboni.* Simunganene kuti ngodya ya pa A ndi 180 kuchotsa B ndi C, kenako n'kuphatikiza zitatuzo n'kunena kuti mwatsimikiza 180. Mwagwiritsa ntchito chomwe munafunsidwa kuti mutsimikize.

*Kutenga ngodya ya kunja ngati ya mkati.* Mukatalikitsa BC kupitirira pa C, kunja kumapangika ngodya ya 120. Iyi siilowa mu 180 wa thirayango. Ya mkati ndi 180 kuchotsa 120, imene ndi 60. Onaninso kuti 120 ameneyu ndi wofanana ndi 50 kuphatikiza 70, ngodya ziwiri za mkati zimene zili kutali naye. Pa chojambula cha funso, yang'anitsitsani mbali imene kachizindikiro kokhota kaikidwa.

*Kuvomereza yankho losatheka.* Thirayango siingakhale ndi ngodya ziwiri za 90, chifukwa yachitatu ingakhale 0 ndipo mbali ziwirizo sizingakumane. Siingakhalenso ndi ngodya ziwiri zoposa 90. Mukapeza 95 ndi 100 mu thirayango imodzi, bwererani pa kuwerenga kwanu.

*Kuiwala kuti lamuloli ndi la pamalo afulati.* Tengani lalanje kapena mpira ndi bolopeni. Lembani mzere wozungulira pamimba pake. Kuchokera pamwamba penipeni tsitsani mzere mpaka pamimba, yendani gawo limodzi mwa magawo anayi a mzere wa pamimbawo, kenako kwerani kubwerera pamwamba. Mwapanga thirayango ya ngodya zitatu za 90, zonse pamodzi 270. Pa chinthu chobulungira mulibe mizere ya palalelo, chifukwa mizere yowongoka ya pamenepo, imene imazungulira mpira wonse ngati wa pamimba uja, imakumana nthawi zonse, ndiye mzere DE sungalembedwe. Dziko lapansi nalo ndi lobulungira, koma ndi lalikulu kwambiri moti kuti ngodya zipitirire 180 ndi digiri imodzi yokha, thirayango iyenera kukuta malo okwana pafupifupi masikweya kilomita 700,000, kuwirikiza kasanu ndi kamodzi kukula kwa Malawi. Poyeza puloti ku Mchengautuwa, munda, kapena thirasi ya denga, gwiritsani ntchito 180 mosakayika.